Chimbudzi chikada bii kapena kutuwa: nthawi yothamangira kuchipatala ndi iti?

Ambiri a ife sitiyang'ana chimbudzi chathu, ndipo amene timagwiritsa ntchito chimbudzi chokumba sitingachione n'komwe ngakhale titafuna. Pa chifukwa ichi munthu amatha kutaya magazi m'mimba kwa masiku angapo osadziwa, mpaka tsiku limene wagwa ndi chizungulire ali kumunda. Chimbudzi chimasintha mtundu kawirikawiri, ndipo nthawi zambiri palibe chodetsa nkhawa. Koma pali mitundu iwiri imene siyenera kunyozeredwa: chakuda bii chomatamata, ndi chotuwa mbuu ngati dothi la makande louma. Kuti timvetse chifukwa chake, tiyambe ndi kumene mtundu wa masiku onse uja umachokera.

Maselo ofiira a m'magazi amakhala ndi moyo masiku pafupifupi 120. Akakalamba thupi limawaphwanya, ndipo zotsalira zake zachikasu zimapita kuchiwindi. Chiwindi chimazisakaniza mu ndulu, ndulu ija n'kutsikira m'matumbo kudzera m'kanjira kakang'ono kwambiri. M'matumbomo tizilombo tabwino timene timakhalamo timasintha nduluyo, n'chifukwa chake chimbudzi cha munthu wabwinobwino chimatuluka chofiirira moderako. Ndulu ikalephera kufika m'matumbo, chimbudzi chimatuwa. Magazi akasakanikirana ndi chakudya kumtunda, chimada.

Zambiri zimene zimasintha mtundu wa chimbudzi zimachokera m'mbale. Munthu akadya bonongwe, chisoso kapena nkhwani wambiri, chimbudzi chimabiriwira. Chimabiriwiranso munthu akatsegula m'mimba, chifukwa ndulu imadutsa mofulumira isanasinthe mtundu. Bitiruti amachifiiritsa mpaka munthu kuganiza kuti ndi magazi. Zonsezi zimatha pakapita tsiku limodzi kapena awiri, ndipo munthu amakhala ali ndi mphamvu zake.

Chakuda ndiye chofunika kuchifotokoza bwino. Magazi akatuluka pachilonda cha m'chifu, kummero kapena koyambirira kwa matumbo, amagayidwa monga momwe chakudya chimagayidwira. Akamafika kumunsi amakhala asalinso ofiira. Chimbudzi chake chimakhala chakuda bii, chonyezimira, chomatamata ngati phula la pamsewu, chovuta kupukuta ndi kutsuka, ndipo fungo lake n'lamphamvu mwachilendo, losiyana ndi la masiku onse. Sipafunika magazi ambiri kuti izi zichitike: mamililita 50 mpaka 100, amene sakwana n'komwe theka la kapu ya tiyi, ndi okwanira. Choopsa n'chakuti poyang'ana chimbudzicho simungadziwe ngati amene atayika ndi ochepa choncho kapena ndi lita yathunthu.

Tiyerekeze bambo wa zaka 45 amene amapalasa kabaza. Msana ndi mawondo zimamuwawa, ndiye m'mawa uliwonse amagula indosidi kapena dikulofenaki pagolosale n'kumeza asanadye kanthu. Ululu ukakula masana amawonjezerapo bulufeni, poganiza kuti ndi mankhwala osiyana, chikhalirecho onsewa ndi a gulu limodzi, pamodzi ndi asipirini. Mankhwala amenewa amafooketsa chitetezo cha khungu la m'kati mwa chifu, ndipo asidi wogaya chakudya amayamba kudya chifucho. Patapita milungu ingapo bamboyu akumva kutentha pachifu. Lachiwiri akuona papepala kuti chimbudzi chada, koma akuti mwina ndi ndiwo za dzulo. Lachitatu akukwera mtunda umene amaukwera tsiku lililonse, koma akupuma mwawefuwefu ndipo mtima ukugunda mothamanga. Lachinayi akudzuka pamphasa n'kuona chidima m'maso. Mkazi wake akuona kuti m'manja ndi m'zikope mwayera.

Tsiku loyenera kupita kuchipatala linali Lachiwiri. Kumeneko akanamuyeza kugunda kwa mtima ndi kuthamanga kwa magazi. Mtima wa munthu wamkulu ukamagunda kupitirira 100 pamphindi ali phee, kapena kuthamanga kwa magazi kukamatsika akaimirira, achipatala amadziwa kuti magazi otayika ndi ambiri. Akanamuyezanso kuchuluka kwa magazi. Mwamuna wathanzi amakhala ndi magalamu 13 kapena kuposerapo pa desilita, ndipo akatsika kufika pa 7 nthawi zambiri amayenera kuikidwa magazi. Dokotala amathanso kupima ndi chala chovala gulovu kunjira ya chimbudzi kuti aone yekha mtunduwo, ndipo ichi si chinthu chochitira manyazi. Kenako amamuika diripi, kumupatsa mankhwala ochepetsa asidi monga omepurazo, ndi kumuletsa mankhwala a ululu aja. Kuti aone pamene pakutuluka magazi amalowetsa kapaipi kokhala ndi kamera kudzera kukamwa, ndipo zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe zimachita zimenezi. Ngati chilondacho chikulimbikitsidwa ndi kachilombo ka m'chifu kotchedwa Helikobakita, wodwala amamwa omepurazo pamodzi ndi maantibayotiki awiri kwa sabata imodzi kapena awiri. Pa ululu wa msana uja, panado sayambitsa zilonda zotere.

Zilonda za m'mimba si zokhazo zimene zimabweretsa chimbudzi chakuda. Kwa anthu amene anakulira m'mbali mwa nyanja, m'mitsinje ndi m'madambo a mpunga, pali likodzo la m'matumbo. Ili ndi losiyana ndi likodzo lokodzetsa magazi limene ambiri timalidziwa. Mazira a nyongolotsi zake amakakhala m'chiwindi, ndipo pakapita zaka chiwindi chimalimba, magazi n'kumavutika kudutsamo. Magaziwo amafuna njira zina, ndipo mitsempha ya kumunsi kwa kummero imatupa. Mtsempha wotere ukaphulika munthu amasanza magazi ndi kuchita chimbudzi chakuda, ndipo akhoza kumwalira m'maola ochepa. Kachasu wa zaka zambiri ndi matenda a chiwindi a mtundu wa B zimafikitsanso munthu pomwepa. Ndiye amene mimba yake ndi yotupa kale, kapena anauzidwapo kuti ali ndi vuto la chiwindi, asadikire n'kamodzi komwe akaona chimbudzi chakuda.

Komabe amayi oyembekezera asachite mantha. Mapiritsi owonjezera magazi amene amalandira kusikelo ali ndi ayironi, ndipo ayironi amadetsa chimbudzi. Kusiyana kwake kulipo: cha mapiritsi chimakhala chakuda mobiriwira, nthawi zambiri cholimba, sichimata, sichinunkha mwachilendo, ndipo mayiyo amadzimva bwino. N'zomvetsa chisoni kuti amayi ena amasiya mapiritsiwa chifukwa cha mtunduwo, pamene ndi amene akuwateteza ku kuchepa kwa magazi pa nthawi yobereka. Makala amene ena amamwa m'mimba mukavuta amadetsanso chimbudzi, chimodzimodzi magazi a mbuzi kapena a ng'ombe ophika. Koma kumwa ayironi sikuletsa munthu kukhala ndi chilonda. Ngati chimbudzi chasanduka chomata, kapena pabwera chizungulire ndi kufooka, mapiritsi asakhale chowiringula.

Magazi ofiira ooneka ndi maso nthawi zambiri amachokera kumunsi. Madontho ochepa papepala munthu atadzimbidwa amakhala a mudzi kapena a kang'alu ka panjira. Magazi osakanikirana ndi zonanda, pamodzi ndi kupotokola ndi kutentha thupi, ndi kamwazi, ndipo amafuna chipatala tsiku lomwelo, makamaka kwa ana. Munthu wachikulire amene magazi akubwerabwera, akuwonda, ndipo kachitidwe kake ka chimbudzi kasintha kwa milungu ingapo, ayenera kuyezedwa khansa ya m'matumbo m'malo mongonena kuti ndi mudzi.

Chimbudzi chotuwa sichichititsa mantha monga chakuda, ndipo n'chifukwa chake chimachedwetsa anthu. Chimatanthauza kuti ndulu sikufika m'matumbo. Mwina kamwala katseka kanjira kaja, mwina chiwindi chatupa, mwina chotupa chikupanikiza njirayo. Zachikasu zimene zasowa potulukira zimabwerera m'magazi, ndipo zizindikiro zina zimatsatana nazo: mkodzo umada ngati tiyi wopanda mkaka, maso amachita chikasu, ndipo thupi limayabwa popanda zidzolo, makamaka usiku. Kutuwa kwa kamodzi kokha sikunena zambiri. Koma kukapitirira masiku awiri kapena atatu, kapena kukabwera ndi chimodzi mwa zizindikirozi, pamafunika kuyeza magazi ndi kujambula m'mimba pa sikani. Pakawonjezereka kutentha thupi, kunjenjemera ndi ululu kumanja pansi pa nthiti, ndiye kuti njira yotsekekayo yalowa tizilombo, ndipo si nkhani yodikira kuti kuche. Ambiri apa amayamba amwa mankhwala a malungo kapena a zitsamba, pamene zitsamba zina zimapwetekanso chiwindi chimene chadwala kale.

Kwa makanda nkhaniyi ndi yaikulu kwambiri. M'masiku awiri kapena atatu oyamba khanda limachita chimbudzi chakuda chomata, ndipo icho n'chachibadwa. Kenako chimasanduka chachikasu chowala mwana akamayamwa bwino. Koma pali ana ena, ochepa ndithu, amene njira zawo za ndulu zimatsekeka m'milungu yoyambirira. Mwana wotere amatha kuyamwa bwino ndi kuoneka wathanzi, chokhacho n'chakuti chikasu cha m'maso sichitha, mkodzo umadetsa thewera, ndipo chimbudzi chimakhala choyererako kapena chotuwa. Pali opaleshoni yotsegula njira ya ndulu imene dokotala wa ku Japan, Morio Kasai, anayambitsa m'zaka za m'ma 1950, koma imathandiza kwambiri ikachitika mwana asanakwane masiku 60. Ikachedwa, chiwindi chimakhala chawonongeka kale. Ku Japan ndi ku Taiwan makolo amapatsidwa khadi la zithunzi za mitundu ya chimbudzi kuti aziyerekeza ndi cha mwana wawo. Ngakhale popanda khadi, mayi kapena agogo amene amachapa matewera ali ndi mwayi woona zimenezi asanazione wina aliyense. Chikasu chikapitirira masiku 14 mwana atabadwa, yang'anani thewera pa kuwala kwa dzuwa, ndipo ngati chimbudzi chili chotuwa litengeni thewera lomwelo kukaonetsa anamwino.

Ngati mukugwiritsa ntchito chimbudzi chokumba ndipo mukukayika, yang'anani chopukutira, kapena chitirani m'kachitini kamodzi kokha kuti muone bwino masana. Popita kuchipatala nyamulani mapaketi a mankhwala onse amene mwakhala mukumwa, ngakhale ogula pagolosale ndi a kwa sing'anga, ndipo nenani mosabisa tsiku limene mtundu unasintha. Chimbudzi chikakhala chakuda ndi chomata, pitani tsiku lomwelo ngakhale simukumva kuwawa paliponse, ndipo musapite nokha.