Chiwongoladzanja chobisala m'pangano la lizi

Tiyerekeze kuti kampani ina ikubwereketsa chigayo cha dizilo. Mtengo wake wogula kashi ndi K3,000,000. Koma amene alibe ndalamayo atha kuchitenga pa lizi, n'kumapereka K1,500,000 kumapeto kwa chaka chilichonse kwa zaka zitatu, kenako chigayocho n'kukhala chake. Papepala palibe pamene alemba mawu oti chiwongoladzanja. Chilipo ndithu, changobisala m'ndandanda wa malipirowo.

Ambiri amawerengera motere: zonse pamodzi ndi K4,500,000, yapamwamba ndi K1,500,000, yomwe ndi theka la mtengo. Akagawa 50 peresenti pa zaka zitatu amapeza pafupifupi 17 peresenti pachaka, mtima n'kukhala m'malo. Masamu amenewa ndi onama, chifukwa akutenga ngati K3,000,000 yonse mukhala nayo mpaka chaka chachitatu, chonsecho mwayamba kubweza chaka choyamba chomwe. Ngongole ikuchepa koma malipiro sakutsika, ndiye kuti peresenti yeniyeni ndi yokwera kuposa pamenepo.

Kuti tiipeze, tifunse kuti ndalama yodzaperekedwa mtsogolo ikufanana ndi zingati lero. Ngati ndalama ikubereka 25 peresenti pachaka, K1,200,000 ya lero idzakhala K1,500,000 chaka chamawa. Choncho mtengo wa lero wa malipiro oyambawo ndi K1,200,000, ndipo timaupeza pogawa K1,500,000 ndi 1.25. Malipiro a chaka chachiwiri timawagawa kawiri ndi 1.25, a chaka chachitatu katatu. Chiwongoladzanja chobisika ndi peresenti imene imachititsa kuti mitengo ya lero yonseyi, ikaphatikizidwa, ifanane ndendende ndi mtengo wa kashi.

Ndi pensulo, njira yake ndi yongoyesa. Tiyambe ndi 20 peresenti, pogawa ndi 1.2. Tikupeza K1,250,000, K1,041,667 ndi K868,056, zomwe pamodzi ndi K3,159,723. Yapitirira K3,000,000, kusonyeza kuti peresenti yathu yachepa. Apa ndi pamene ongoyamba kumene amasokonezeka: peresenti ikamakwera, mtengo wa lero umatsika, chifukwa tikugawa ndi nambala yaikulu. Tiyese 25 peresenti tsopano. Tikupeza K1,200,000, K960,000 ndi K768,000, pamodzi K2,928,000. Yaperewera. Yankho lili pakati pa 20 ndi 25, ndipo layandikira ku 25.

Pakati pa mayankho awiriwa pali K231,723, ndipo kuchokera pa loyamba tikufuna kutsika ndi K159,723 yokha kuti tifike pa K3,000,000. Umenewu ndi pafupifupi 0.69 wa mtunda wonse. Tikachulukitsa ndi maperesenti asanu a pakatipo n'kuwonjezera pa 20, tikufika pa 23.4 peresenti. Amene ali ndi Excel kapena Google Sheets, ngakhale pafoni, angolemba izi:

```
=RATE(3,-1500000,3000000)
```

Yankho lake ndi 23.38 peresenti. Musaiwale kachizindikiro kochotsera patsogolo pa malipiro; mukakasiya, pulogalamuyo imangoonetsa `#NUM!` chifukwa imaona ngati ndalama zonse zikulowa, palibe yotuluka.

Tsopano tisinthe kanthu kamodzi kokha. Kampani ikuti malipiro oyamba aperekedwe tsiku losainirana, ena awiri kumayambiriro kwa zaka zotsatira. Zonse pamodzi ndi K4,500,000 yomwe ija, ndipo wogulitsa adzakuuzani akumwetulira kuti palibe chasintha. Koma K1,500,000 yoperekedwa lero sigawidwa ndi kanthu. Kwenikweni mwangokongola K1,500,000 yotsalayo, ndipo mudzabweza K3,000,000 m'zaka ziwiri.

```
=RATE(3,-1500000,3000000,0,1)
```

Nambala 1 ya kumapetoyo ikuuza pulogalamu kuti malipiro ndi a kumayambiriro kwa chaka. Yankho ndi 61.8 peresenti. Ine ndimati musanayang'ane kukula kwa malipiro, yang'anani kaye tsiku lake.

Nanga ngati chigayo chidzabwerera kwa eni ake lizi ikatha? Pamenepo mtengo umene chidzakhale nawo nthawiyo uyenera kulowa m'masamu, poti nachonso ndi chuma chimene kampani idzalandire. Malamulo a akaunti a IFRS 16, omwe anayamba kugwira ntchito mu 2019, amawerengera mtengo wotsalawu popeza chiwongoladzanja cha lizi. M'pangano loyamba lija, chigayo chikadzabwezedwa chili cha K500,000, timaiwonjezera pa malipiro a chaka chachitatu, ndipo peresenti imakwera kufika pafupifupi 29. Vuto n'loti wobwereka kawirikawiri sauzidwa mtengo umene kampani yaikira chigayo chothaithacho, ndiye amangoyerekeza pofunsa mitengo ya zigayo zakale.

Malizi ambiri amalipidwa mwezi ndi mwezi. Njira ndi yomweyi, kungoti m'malo mwa 3 mulemba 36, ndipo yankho lotuluka ndi la pamwezi. Kuti muliyerekeze ndi chiwongoladzanja chimene banki yalengeza, lichulukitseni ndi 12: 2 peresenti pamwezi ndi 24 pachaka. Mukawerengera kuti chiwongoladzanja nachonso chimabereka chinzake mwezi uliwonse, imafika 26.8.