Cifukwa cace mankhwala a cithokomiro acedwa kugwira nchito

Odwala amene apatsidwa mapiritsi a thairokisini kawirikawiri abwerera ku cipatala patapita sabata imodzi ali odandaula kuti mankhwalawo sagwira nchito. Ena aonjezera okha mapiritsi, ena angoleka kumwa. Zonse ziwirizi ndi zoopsa. Sabata ino tifotokoza zimene zicitika m'thupi munthu akameza piritsi limeneli, kuti owerenga athu amvetse cifukwa cace a cipatala amanena kuti "dikirani masabata 6".

Cimanga ndi ufa

Cithokomiro ndi ciwalo cacing'ono cimene ciri kutsogolo kwa khosi, ndipo cikatupa ndiye khosi lioneka lalikulu. Nchito yace ndi kupanga mahomoni, ndiko kuti timadzi toyenda m'magazi touza ziwalo liwiro logwirira nchito. Mahomoni ace ndi awiri. Yoyamba ndi thairokisini, imene pa pepala la zotsatira za magazi ilembedwa T4 cifukwa iri ndi tizigawo 4 ta ayodini. Yaciwiri ndi tirayayodothaironini, yolembedwa T3, imene iri ndi tizigawo 3.

T3 ndiyo iri ndi mphamvu. Ndiyo ilowa m'kati mwa maselo ndi kufulumiza kugunda kwa mtima, kutenthetsa thupi ndi kuyendetsa matumbo. Koma codabwitsa ncakuti cithokomiro cipanga T4 yambiri, pafupifupi maikulogalamu 80 mpaka 100 pa tsiku, pamene T3 cipanga yocepa kwambiri. Pa magawo 5 a T3 imene thupi ligwiritsa nchito, gawo limodzi lokha licokera ku cithokomiro. Magawo 4 otsalawo apangidwa m'ziwalo zina pocotsa kacigawo kamodzi ka ayodini pa T4. Izi zinatsimikizika m'caka ca 1970, pamene madokotala a ku Amereka anapeza T3 m'magazi a anthu opanda cithokomiro amene anali kumwa T4 yokha.

Tinganene kuti T4 iri ngati cimanga ca m'nkhokwe, cimene cikhalitsa koma sitiphikira nsima cisanagayidwe. T3 ndi ufa, wokonzeka kuphikidwa koma wosacedwa kutha. Theka la T4 ya m'magazi litha patapita masiku 7, pamene theka la T3 litha patapita pafupifupi tsiku limodzi.

Zigayo zitatu

Zimene zisandutsa T4 kukhala T3 ndi maenzaimu ochedwa dayodinezi, dzina lotanthauza cocotsa ayodini. Alipo a mitundu itatu, ndipo mwacidule achedwa D1, D2 ndi D3.

D1 ipezeka makamaka m'ciwindi, mu impso ndi m'cithokomiro momwe. T3 imene ipanga ituluka kupita m'magazi kuti ziwalo zina zigwiritse nchito, monga cigayo ca pamsika cogayira anthu onse.

D2 ipezeka mu ubongo, m'minofu, ndiponso m'kaciwalo kakang'ono ka pansi pa ubongo kochedwa pichuwitale. Iyi iri ngati mtondo wa pakhomo, pakuti T3 yace yambiri igwira nchito m'selo momwemo. T4 ikacepa m'magazi, D2 icuruka ndi kugwira nchito molimbika kuti ubongo usasowe T3.

D3 icita zosiyana. Icotsa ayodini pamalo ena, ndipo T4 isanduka rT3, imene iribe mphamvu. Ionanganso T3 yomwe. Ipezeka yambiri mu nsengwa, cija cituluka mwana akabadwa, ndiponso m'thupi la mwana wosabadwa, kuti amuteteze ku homoni yopitirira muyeso. Tsiku ndi tsiku T4 imene isanduka rT3 ilingana pafupifupi ndi imene isanduka T3.

Conco ngakhale magazi ndi amodzimodzi, ciwalo ciriconse cidzipimira cokha T3 imene cifuna. Ici ndico cifukwa cacikulu cimene madokotala apatsira odwala T4 m'malo mwa T3. Piritsi la T3 likwera msanga m'magazi ndi kutsikanso msanga, lingathamangitse mtima, ndipo lilanda ziwalo mwai wodzipimira zokha.

Citsanzo ca mayi wa makilogalamu 60

Tiyeni titenge citsanzo ca mayi wa zaka 30, wolemera makilogalamu 60, amene cithokomiro cace conse cinacotsedwa pa opaleshoni cifukwa cinali kumutsamwitsa. Akapanda kumwa mankhwala, adzayamba kutopa, kumva kuzizira, kudzimbidwa, kutupa nkhope ndi kuiwalaiwala. Munthu wamkulu wopanda matenda a mtima apatsidwa pafupifupi maikulogalamu 1.6 a thairokisini pa kilogalamu iriyonse. Kwa mayiyu 60 kucurukitsa ndi 1.6 zipereka 96, motero apatsidwa piritsi la maikulogalamu 100 kamodzi pa tsiku. Okalamba ndi odwala mtima ayamba ndi 25 kapena 50 cabe, nakwera pang'onopang'ono.

Popeza T4 icedwa kutha, icedwanso kudzaza. Patenga masabata 5 kapena 6 kuti kucuruka kwace m'magazi kukhazikike. Kupima magazi pa tsiku la 10 kungotaya ndalama, ndipo kuonjezera mlingo panthawiyo kungacititse kuti mwezi wotsatira mayiyu ayambe kunjenjemera manja, kusowa tulo ndi kuthamanga mtima. Ubwino wa kucedwaku ngwakuti akaiwala piritsi tsiku limodzi palibe ngozi.

Patatha masabata 6 mpaka 8 apimidwa magazi, ndipo cimene cipimidwa si T3 ai koma TSH. Imeneyi ndi homoni yocokera ku pichuwitale yolamula cithokomiro kugwira nchito. D2 ya m'pichuwitale isandutsa T4 ya m'magazi kukhala T3, ndipo ikaipeza yokwanira TSH itsika, koma ikacepa TSH ikwera. M'malabotale ambiri mlingo wabwino uli pakati pa 0.4 ndi 4.0.

Tinene kuti TSH ya mayiyu yapezeka 9. Asanamuonjezere mankhwala, wa cipatala ayenera kufunsa mmene amamwera. Thairokisini ilowa bwino m'mimba mulibe kanthu, pomwera madzi okha, mphindi 30 mpaka 60 asanadye. Mapiritsi oonjezera magazi, a kashiamu ndi mankhwala a cilungulira aimanga m'matumbo, conco ayenera kusiyana nayo maola 4. Ngati anali kumwa bwino, mlingo ukwezedwa kufika pa 125, ndipo adikiranso masabata 6.

Pali malire amene tiyenera kuwachula. D2 ya m'pichuwitale ndi yacangu, motero TSH ingakhale yabwino pamene T3 ya m'magazi iri yotsikako pang'ono, makamaka mwa anthu opanda cithokomiro. Odwala ena apitiriza kutopa ngakhale zotsatira ziri bwino. Kafukufuku wambiri woyesa kuphatikiza T3 ndi T4 sanaonetse phindu loonekeratu, conco coyamba ndi kufufuza zina zotopetsa monga kucepa kwa magazi, shuga kapena matenda a maganizo.

Akakhala ndi pakati

Mayi yemweyu akatenga pakati, mlingo umene unali kumukwanira sumukwaniranso. D3 ya mu nsengwa iononga T4 yambiri, ndiponso magazi a mayi wapakati amanga homoniyi mocuruka. Komanso pa miyezi yoyambirira cithokomiro ca mwana cisanayambe nchito, ubongo wace udalira T4 ya mayi, imene D2 ya mwanayo isandutsa T3. Ubongo wa mwana sulandira bwino T3 yocokera m'magazi, ndiye cifukwa cace mapiritsi a T3 sayenera mayi wapakati.

Akangodziwa kuti waima, ayenera kufika ku cipatala sabata yomweyo, osadikira tsiku la sikelo. Mlingo ukwezedwa ndi magawo 25 mpaka 30 pa 100. Njira yapafupi ndi kumwa mapiritsi 9 pa sabata m'malo mwa 7, ndiko kuti awiri pa masiku awiri a sabata. TSH ipimidwa masabata 4 alionse kufikira pakati pa mimba. Akacira abwerera pa mlingo wakale, napimidwanso patatha masabata 6. Akumbukirenso kuti mapiritsi oonjezera magazi a ku sikelo samwera pamodzi ndi thairokisini.

T3 yotsika mwa wodwala kwambiri

Munthu akadwala kwambiri, monga cifuwa cacikulu, malungo aakulu kapena njala yaitali, D1 ya m'ciwindi ifooka ndipo D3 icuruka. Zotsatira zionetsa T3 yotsika, pamene TSH kawirikawiri iri bwino kapena yatsikako pang'ono. Cithokomiro cace cingakhale cabwinobwino. Thupi langocepetsa moto panthawi ya mavuto, ndipo kumupatsa thairokisini sikunaoneke kuti kuthandiza. Cofunika ndi kuciza matenda amene amugoneka, ndipo ngati kukayika kulipobe, apimidwenso patatha masabata 6 atacira. Matenda enieni osowa homoni adziwika ndi TSH yokwera kwambiri pamodzi ndi T4 yotsika.

Pamene T3 yacuruka

Cithokomiro cikagwira nchito mopitirira, wodwala aonda ngakhale adya, acita thukuta ndipo mtima uthamanga. Mankhwala ozolowereka ndi kabimazo, amene aletsa cithokomiro kupanga mahomoni koma sakhudza dayodinezi. Matendawa akafika pangozi, wodwala atatentha thupi kwambiri ndi kusokonezeka mutu, madokotala asankha mankhwala ochedwa PTU cifukwa atsekanso D1, ndipo T3 itsika msanga. Aonjezera puropuranololo ndi haidurokotizoni, amenenso acepetsa kusanduka kwa T4. Popeza PTU nthawi zina iononga ciwindi, isungidwira nthawi zangozi ndi miyezi 3 yoyamba ya pakati.

Mankhwala a mtima ochedwa amiyodaroni nawonso atseka dayodinezi, conco wowamwa angapezeke ndi T4 yokwera ndi T3 yotsika popanda matenda a cithokomiro. Uzani wa cipatala mankhwala onse amene mumwa musanapimidwe.

Nanga seleniyamu?

Maenzaimu onse atatuwa apangidwa ndi mcere wa m'nthaka wochedwa seleniyamu, umene upezeka m'nsomba monga kapenta, m'mazira ndi m'nyama. Izi sizitanthauza kuti mugule mapiritsi ace. Kumpoto kwa dziko la Congo, kumene ayodini ndi seleniyamu zonse zinali kusowa, anthu amene anapatsidwa seleniyamu yokha T4 yao inatsika. Cigayo sicithandiza nkhokwe iribe cimanga, motero coyamba ndi mcere wokhala ndi ayodini.

Ngati mumwa thairokisini, imwani m'mawa uliwonse musanadye, musasinthe mlingo nokha, ndipo bwerani kudzapimitsa TSH patatha masabata 6 mlingo ukasinthidwa, kenaka kamodzi pa caka ukakhazikika. Mukaima kapena mukayamba mankhwala atsopano, fikani ku cipatala msanga.