Mita imodzi, makomo anayi: ndani alipire zingati?

Pa mapuloti ambiri a ku Ndirande, Bangwe, Kawale kapena Area 25, nyumba za lendi zimakhala mdadada umodzi, mpope umodzi pabwalo, ndi mita imodzi ya ESCOM pakhoma la khomo loyamba. Mayunitsi akatsala pang'ono mita ija imayamba kulira, ndipo aliyense amachita ngati sakumva. Magetsi akazima nsima ili pamoto, mawu oyamba kumveka amakhala amodzimodzi kulikonse: "Ife tinasonkha kale, kodi akudya mayunitsi ndani?"

Njira imene mapuloti ambiri amatsata ndi yogawa ndalama mofanana pa khomo lililonse. Ndi yosavuta kuwerengera, koma ndi imene imabala mikangano yambiri, chifukwa magetsi sayendera makomo. Amayendera zipangizo, makamaka zotenthetsa ndi zoziziritsa. Madzi nawo amayendera kuchuluka kwa anthu. Mabilu awiriwa safunika kugawidwa ndi muyezo umodzi.

Tiyambe ndi magetsi. Yunitsi imodzi imene munthu amagula pa Airtel Money kapena TNM Mpamba ndi mphamvu imene chipangizo cha mawati 1,000 chimadya pa ola limodzi. Mawatiwo amalembedwa kunsi kapena kumbuyo kwa chipangizo, nambala yotsatidwa ndi chilembo cha W. Babu losunga magetsi la mawati 9 liyenera kuyaka maola opitirira 100 kuti limalize yunitsi imodzi. Ketulo ya mawati 2,000 imamaliza yunitsi yomweyo pa theka la ola. Ndiye mlandu umene anthu amakonda kupatsana, woti uje amagona osazimitsa getsi kapena amatchaja mafoni a anzake, nthawi zambiri umakhala wopanda pake. Mayunitsi amathera pa hotipuleti, ketulo, ayironi ndi filiji.

Tiyerekeze puloti ya makomo anayi. Khomo loyamba mukukhala mnyamata yekha: mababu awiri, TV yaing'ono imene amaonera madzulo, ndi foni. Zonse pamodzi sizipitirira mayunitsi 10 pa mwezi. Khomo lachiwiri muli banja la anthu asanu limene limaphikira pa hotipuleti ya mawati 1,000 kwa maola awiri tsiku lililonse. Amenewo ndi mayunitsi awiri pa tsiku, 60 pa mwezi. Ketulo yawo ikamagwira ntchito mphindi 15 pa tsiku imawonjezera mayunitsi 15, ndipo mababu, TV ndi kusita zimafikitsa zonse pa 90. Khomo lachitatu muli mayi wa ana awiri amene amagulitsa mafilizi. Filiji yake yaikulu tiyerekeze kuti imadya yunitsi imodzi ndi theka pa tsiku, 45 pa mwezi, ndipo pamodzi ndi zina zonse akufika pa 60. Khomo lachinayi muli banja latsopano la anthu awiri, limene limaphika pa mbaula koma lili ndi kafiliji kakang'ono ndi TV. Awa tiwapatse 40.

Puloti yonse ikudya mayunitsi 200. Mitengo ya magetsi imasintha bungwe la MERA likavomereza, choncho tingotenga nambala yosavuta: mwezi umenewo agula mayunitsi a K30,000, kutanthauza K150 pa yunitsi. Akagawana mofanana, khomo lililonse lipereka K7,500. Akagawana potengera zimene aliyense wagwiritsa ntchito, mnyamata uja apereka K1,500, banja la hotipuleti K13,500, mayi wa mafilizi K9,000, banja latsopano K6,000. Apa zikuoneka poyera kuti mnyamatayo wakhala akulipirira ena K6,000 mwezi uliwonse, ndalama yofanana ndendende ndi imene banja la hotipuleti limapulumutsa. Ndiye kuti iye amaphikira anthu asanu nsima imene salawako.

Nambala yolembedwa pa chipangizo ndi poyambira chabe. Hotipuleti ndi ayironi zimadzizimitsa zikatentha mokwanira, filiji nayo imalira n'kupuma, ndipo filiji yakale imene labala wa pachitseko anatha imadya kwambiri kuposa yatsopano, makamaka mu Okutobala. Mwayi wake ngwakuti mita yolipiriratu imatha kuweruza nkhaniyi pamaso pa onse. Loweruka masana, anthu onse ali pakhomo, azimitse chilichonse, alembe mayunitsi amene akuoneka pa mita, ayatse chipangizo chimodzi chokha kwa ola limodzi, kenako awerengenso. Kusiyana kwake ndiye kudya kwa chipangizocho. Filiji imafuna nthawi yotalikirapo, monga usiku wonse zina zonse zili zozima, chifukwa ola limodzi lingagwere pamene ikupuma.

Kuyesa komweko kumaulula zobisika. Ngati onse anena kuti azimitsa koma kagetsi kofiira ka pa mita kakuphethirabe, pali chinachake chimene chikudya magetsi: mwina waya wopita ku puloti yoyandikana, mwina kachitsulo kotenthetsera madzi m'ndowa kamene sikanatchulidwe pa msonkhano. Kachitsulo kameneka n'kotchipa pamsika ndipo kamabisika mosavuta m'chikwama, koma kamadya ngati ketulo, kuwonjezera pa ngozi yake yogwidwa ndi magetsi.

Pali msampha wina umene anthu ogula mosinthanasinthana amagwamo. Pa mita ya m'nyumba yolipiriratu, mayunitsi 50 oyambirira pa mwezi amagulitsidwa motsika mtengo kuposa otsatira. Cholinga chake n'kuthandiza mabanja ogwiritsa ntchito magetsi ochepa, koma mita sidziwa kuti kumbuyo kwake kuli mabanja anayi. Wogula pa 1 amalandira mayunitsi ambiri, wogula pa 20 ndi ndalama yomweyo amalandira ochepa, ndipo amayamba kukayikiridwa kuti wadyako. Njira yake ndi kusonkha ndalama zonse pamodzi, kugula ngati gulu, ndi kusunga uthenga wa tokeni umene umaonetsa ndalama ndi mayunitsi, kuti mtengo wotsikawo upindulire onse. Getsi la pabwalo ndi la kuchimbudzi ndi la aliyense, ndiye lokhalo lingagawidwe mofanana.

Kumene anthu atopa ndi kuyerekeza, ena amaika timamita ting'onoting'ono pa waya wolowa khomo lililonse, kutsogolo kwa mita ya ESCOM osaikhudza. Kamita kotero sikagulitsa mayunitsi, kamangowerenga. Kumapeto kwa mwezi aliyense amachotsa nambala ya mwezi watha pa ya mwezi uno, n'kulipira zake. Mayunitsi a timamita tonse akaphatikizidwa nthawi zambiri amaperewera pang'ono poyerekeza ndi mita yaikulu, ndipo otsalawo amagawidwa mofanana. Ntchitoyi imafuna chilolezo cha a landilodi ndi katswiri wa magetsi wovomerezeka, komanso imatheka pokhapokha khomo lililonse lili ndi waya wakewake. M'nyumba zambiri zakale mawaya anangolumikizidwa chipinda ndi chipinda, moti pamafunika kuyalanso. Kutsegula mita ya ESCOM kapena kuilambalala ndi mlandu, ndipo akadula, mdima umagwera puloti yonse.

Madzi ndi osavuta kuwerengera, ngakhale ndi amene amakanganitsa amayi kwambiri pampope. Manambala akuda a pa mita ya madzi amawerenga makiyubiki mita, ndipo imodzi ndi malita 1,000, kapena ndowa 50 za malita 20. Manambala ofiira amawerenga tizigawo ta kiyubiki mitayo. Popeza aliyense amasamba, kumwa ndi kuchapiridwa, muyezo wabwino ndi mitu ya anthu. Pa puloti yathu ija pali anthu 11: mmodzi, asanu, atatu ndi awiri. Bilu ikabwera ya K22,000, mutu uliwonse ndi K2,000, ndipo makomowo apereka K2,000, K10,000, K6,000 ndi K4,000.

Makolo ambiri amapempha kuti mwana awerengedwe ngati theka la munthu. Kwa mwana wa sukulu pempholi lili ndi nzeru, koma kwa khanda ayi, chifukwa matewera ndi zofunda zochapa tsiku ndi tsiku zimatha madzi kuposa bambo amene amachoka m'mamawa n'kubwera usiku. Mlendo wa masiku awiri sawerengedwa. Mlamu amene anabwera kudzafuna ntchito ndipo watha mwezi ayenera kulowa m'kaundula. Madzi a bizinesi nawo amaikidwa padera. Mayi wa mafilizi akamatunga ndowa ziwiri zowonjezera pa tsiku, amenewo ndi malita 1,200 pa mwezi, ndipo ayambe walipira amenewo otsalawo asanagawidwe. Chimodzimodzi wotsuka galimoto, wothirira dimba, ndi a landilodi akamamanga chipinda china kuseri.

Bilu ikakwera mwadzidzidzi anthu asanachuluke, asanalozane zala ayambe ayesa ngati paipi ikudontha. Madzulo onse atatunga, atseke mipope yonse, alembe manambala onse a pa mita, ofiira omwe, ndipo m'mawa awerengenso wina asanatsegule. Manambala akasuntha ndiye kuti madzi akutayika penapake: paipi yoboola pansi, mpope wotha labala, kapena thanki ya chimbudzi chamadzi imene imangotsikira osaleka, yomwe ingataye malita mazanamazana pa tsiku popanda phokoso lenileni. Malo onyowa nthawi ya chilimwe, kapena udzu wobiriwira pamzere wa paipi, amasonyeza pokumba. Mabungwe a madzi monga Lilongwe Water Board ndi Blantyre Water Board amayang'anira paipi mpaka pa mita. Madzi otayika atadutsa kale pa mita amalowa m'bilu. Kukonza paipi ya nyumba ndi udindo wa mwini nyumba, ndipo n'zomveka kuti akauzidwa n'kuzengereza, madzi otayika kuyambira tsiku limenelo alipire yekha.

Nkhani yomaliza ndi ya wosunga ndalama. Mapuloti ambiri amadulidwa madzi anthu atasonkha, chifukwa wolandira ndalama anazigwiritsa ntchito ina akuyembekeza kubweza pa malipiro. Kabuku kamodzi kokhala ndi deti, nambala ya pa mita, zimene khomo lililonse lapereka ndi lisiti kamathetsa zambiri mwa izi, makamaka ngati wosunga kabuku si yemwe amasunga ndalama. Pamene a landilodi amatolera okha ndalama ya madzi ndi magetsi pamodzi ndi lendi, anthu a lendi apemphe kuona bilu yeniyeniyo, chifukwa bilu ya madzi imasiyanitsa ngongole yakale ndi madzi a mwezi uno. Wolowa kumene aione asanatsitse katundu, ajambule manambala a mamita onse awiri pa foni tsiku lolowa, ndipo agwirizane ndi a landilodi molemba kuti ngongole imene waipeza, pamodzi ndi ndalama yolumikizitsanso madzi ngati adulidwa chifukwa cha ngongoleyo, si yake. Wotuluka naye awerengetse mamita tsiku losamuka, alipire gawo lake la masiku amene wakhala mwezi umenewo asanapereke makiyi.