Mpanda wa matabwa: konkire pansi, levulo pamwamba

Mipanda yambiri ya matabwa siimaliza madzinja awiri ili chilili. Ina imapendekera kwa neba, ina matabwa ake opingasa amakwera ndi kutsika polo ndi polo. Eni ake amadandaula za chiswe ndi mphepo, koma kawirikawiri vuto limakhala litayamba tsiku lokumba maenje ndi tsiku lokhoma thabwa loyamba. Mmisiri wodziwa ntchito yake sayeza chilichonse kuchokera pansi, chifukwa nthaka siikhala yofanana ngakhale pabwalo lomwe maso akuti ndi lathyathyathya.

Tiyerekeze mbali imodzi ya puloti, yotalika mamita 24, pomwe mwini wake akufuna mpanda wotalika mita 1.8. Akasiya mamita 2.4 kuchokera pakati pa polo lina kufika pakati pa linzake, pakhala zigawo 10 ndipo mapolo ofunika ndi 11. Ambiri amagula 10, kuiwala la kumapeto. Musanakumbe, pezani mabikoni a puloti yanu ndipo chingwe chidutse mkati mwake pang'ono. Polo lothiridwa konkire m'malo a mnzanu silizulika ndi mawu opepesa.

Mapolo omwe amapezeka kwambiri kwathu kuno ndi a bulugamu, ndipo okhuthala masentimita 10 kapena 12 amakwana. Chofunika n'chakuti akhale olowetsedwa mankhwala ku fakitale, komwe mankhwalawo amakankhidwa ndi mphamvu ya makina mpaka kulowa mkati mwa mtengo. Ena amaoneka obiriwira pang'ono, ena ndi akuda onunkha phula ngati mitengo ya magetsi. Oyilo wakutha wa galimoto, yemwe ambiri amadalira, amangonyowetsa khungu la mtengo; chiswe chikapeza mng'alu chimalowa n'kudya mkati, kunja kukuonekabe bwino. Polo la mankhwala musalidule kumunsi, chifukwa mukatero mwatsegula mtima wa mtengo womwe mankhwala sanafike bwino. Ngati latalika, dulani kumwamba ndipo pakani mankhwala podulidwapo.

Lamulo la kuzama ndi losavuta: mukagawa polo panayi, gawo limodzi likhale m'nthaka, osachepera apo. Polo la mamita 2.4 lilowe masentimita 60. Koma dzenje kumbani la masentimita 70, m'lifupi masentimita 30 mbali zonse, makoma ake oongoka, kapena otakasuka pang'ono kumunsi. Dzenje lotambasuka kukamwa n'kuchepa pansi, lomwe khasu limakonda kukumba, limawononga simenti pachabe ndipo konkire wake amagwedezeka msanga. M'dothi la makande, lomwe limang'ambika m'chilimwe n'kufufuma mvula ikagwa, onjezerani kuzama kufika masentimita 80 kapena 90, ndipo mugule mapolo aatali moyenera. Chimodzimodzi mapolo onyamula geti.

Masentimita 10 otsala aja ndi a miyala ya kwale. Ithireni pansi pa dzenje, muisinje, polo liime pamiyalapo, kenako konkire azungulire m'mbali mokha. Apa ndi pomwe amisiri ambiri amalakwitsa poganiza kuti akulimbitsa: amayamba athira konkire pansi, n'kuika polo, n'kuthiranso m'mbali. Akatero ndiye kuti aumba kapu, ndipo mtengo wakhala m'kapumo. Mtengo ukamauma umanyala pang'ono, pakati pa mtengo ndi konkire pamatseguka kampata, madzi a mvula amatsetserekera m'menemo n'kusowa potulukira. Polo lotere limaolera pamalire a nthaka ndi mpweya, ndipo tsiku lina limangothyoka konkire ali bwinobwino. Kuti mudziwe ngati zayamba, bayani ndi msomali waukulu pamalirepo. Ukalowa mosavuta, polo lapita. Pachifukwa chomwecho konkire atuluke pamwamba pa nthaka masentimita atatu kapena asanu, ndipo mumusalaze motsetsereka kuchoka pamtengo kuti madzi azithawira kunja. Osakwirira pamwamba pake ndi dothi, poti ndiye mwapatsa chiswe njira.

Kasakanizidwe koyenera ndi ndowa imodzi ya simenti, ziwiri za mchenga wa kumtsinje ndi zinayi za kwale. Yezani ndi ndowa, chifukwa fosholo ya m'mawa ndi ya masana sizinyamula mofanana. Dzenje lathu lija limadya malita pafupifupi 50 a konkire, choncho thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50 likwanira maenje atatu, ndipo matumba anayi amaliza mapolo onse 11. Madzi akhale ochepa, oti konkire azikhala pafosholo osayenderera. Wamadzimadzi amakoma pothira, koma akauma amafumbutuka.

Yambani ndi mapolo awiri a kumapeto. Ikani levulo mbali ziwiri za polo, kutsogolo ndi m'mbali, chifukwa likhoza kuongoka mbali imodzi kwinaku litapendeka. Lichirikizeni ndi timatabwa tiwiri tokhomera ku zikhomo, kenako thirani konkire pang'onopang'ono mukusinja ndi chitsulo kapena mtengo kuti musatsale mphako. Mukamaliza kusinja ikaninso levulo, poti kusinjako kumasuntha polo. Awiriwa akagwira, mangani zingwe ziwiri zokoka kwambiri, china kumunsi china kumwamba, mbali yomwe kudzakhomedwe matabwa opingasa. Mapolo apakati aziima moyandikira zingwezo koma osazikhudza. Polo limodzi likakankha chingwe, onse otsatira alowa m'mzere wolakwika. Bulugamu amakhala wonenepa kumunsi, wowonda kumwamba, ndiye oongolani nkhope yoyang'ana chingweyo, inayo isakuvuteni.

Mukatero dikirani. Hamala pa polo lomwe konkire wake wagona usiku umodzi wokha imamasula polo m'konkiremo, ndipo siligwiranso. Padutse masiku atatu musanakhome kanthu, ndipo muzithirira madzi m'mawa ndi madzulo kwa sabata yathunthu, makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala. Konkire amalimba ndi chinyezi, ndipo mphamvu zake zimakwanira pakatha masiku 28.

Tsopano nkhani ya matabwa opingasa, yomwe ndi imene wodutsa m'njira amaona. Levulo ya m'manja ndi yaifupi, ndipo kuinyamula kuchoka pa thabwa ili kupita pa linalo kumaunjika timaphonyo ting'onoting'ono mpaka kumapeto mutasemphana ndi chikhatho chonse. Chingwe nachonso chimagwa pakati chikatalika mamita 24, ngakhale muchikoke bwanji. Chida chodalirika ndi chotchipa kuposa zonsezi: paipi yapulasitiki yoonekera mkati, ya mamita 10 kapena kuposa, yodzaza madzi. Madzi a kumapeto kwake kuwiri amaima pamsinkhu umodzi nthawi zonse, ngakhale paipiyo itagona pansi mokhotakhota. Chongofunika n'kuchotsamo timpweya tonse ndi kuonetsetsa kuti palibe wapondapo. Yesani kaye pogundanitsa mapeto awiriwo. Madzi akapanda kufanana, muli mpweya.

Pitani pa polo la kumtunda, muyeze mita imodzi kuchokera pansi, mulembe mzere ndi pensulo. Uku ndi kuyeza kokhako komwe muyambire panthaka. Mnzanu agwire paipi pamzerewo, inu mupite ndi mbali inayo pa polo lotsatira. Iye akakuuzani kuti madzi afika pamzere, lembani pomwe aima kwa inu. Chitani choncho mapolo onse, ndipo pomwe paipi ikufika muziyambira pamzere woyamba uja m'malo modumpha kuchoka pa polo lina kupita pa linzake. Tinene kuti pa polo lomaliza mzerewo wapezeka mita 1.6 kuchokera pansi. Ndiye kuti malo anu atsika ndi masentimita 60, kapena masentimita 6 pa chigawo chilichonse. Ndi bwino kuyezeratu zimenezi pa zikhomo musanagule mapolo, chifukwa pamalo otere a mamita 2.7 ndi omwe amakwana.

Mukakakamira mzere umodzi kuchoka kumtunda mpaka kumunsi, kumapetoko kutsala mpata woti mbuzi ilowa osawerama. Njira yabwino ndi ya masitepe: zigawo ziwiri zilizonse zikhale pa levulo imodzi, zotsatira zitsike ndi masentimita 12. Mpanda wa mita 1.8 umafuna matabwa opingasa atatu a masentimita 5 kwa 7.5, awiri okha amalola matabwa oimirira kupindika pakati. M'zigawo ziwiri zoyamba, nsonga ya thabwa la pamwamba ikhale masentimita 60 pamwamba pa mzere wa madzi, la pakati masentimita 5 pansi pa mzerewo, la kumunsi masentimita 70 pansi pake. Kuti musamavutike ndi tepi, lembani misinkhu itatuyi pa kathabwa kowongoka, ndipo pa sitepe iliyonse muzingokatsitsa ndi masentimita 12. Popeza sitepeyo yaposa kukula kwa thabwa, pa polo la pamalire matabwa a kumtunda ndi a kumunsi amadutsana osagundana, lililonse n'kupeza pokhomapo pokwanira, bola likhale la mamita 5 kapena kuposa. Pamalo osatsetsereka, onetsetsani kuti matabwa atatuwo asalumikizire onse pa polo limodzi.

Thabwa lililonse liyang'aneni kaye ndi diso limodzi kuchokera kumapeto. Pafupifupi onse amakhala ndi kamsana. Kamsanako kaloze kumwamba, kulemera kwa mpanda kudzakaongola. Khomani msomali umodzi mbali imodzi, ikani levulo pamwamba kuti itsimikize mzere wanu, kenako malizani ndi misomali iwiri ya mainchi anayi pa polo lililonse. Levuloyo nayo muiyese: iikeni pa thabwa, kenako muitembenuze pamalo omwewo. Kathovu kakaima posiyana, levulo yanu ndi yabodza. Misomali ikhale ya galavanaizi, chifukwa mankhwala obiriwira aja amadya chitsulo wamba, ndipo kumapeto kwa thabwa boolani kaye kuti lisang'ambike. Pa polo lobulungira semani pang'ono pokhala thabwa, osaposa masentimita awiri, n'kupakapo mankhwala.

Paini wa ku Chikangawa, Zomba kapena Dedza nthawi zambiri amagulitsidwa ali wamuwisi. Mukamukhoma choncho amapotoka akamauma, n'kusokoneza levulo yomwe munaivutikira. Muunjikeni pamthunzi ndi timitengo pakati kwa masabata angapo, ndipo naye amafuna mankhwala, poti chiswe chimam'konda kuposa bulugamu. Matabwa oimirira, kaya ndi ochekedwa bwino kaya ndi zigwagwa, asakhudze nthaka. Siyani masentimita asanu pansi, ndi timipata ta chala pakati pawo kuti mwera wa mu Juni ndi Julaye uzipeza podutsa. Mitu ya mapolo muidule pomaliza penipeni, motsatira mzere wa madzi womwe uja, mopendeketsa sowo kuti mvula isamakhale pamwamba.

Ngati mwalemba mmisiri, khalanipo tsiku lothira konkire. Matabwa okhota mukhoza kuwazula n'kukhomanso mawa, koma za pansi pa dzenje simudzazionanso. Muone ndi maso anu kuti kwale walowa polo lisanaime, ndipo tsiku lokhoma matabwa mufunse kuti paipi ya madzi ili kuti.