Kuyankha Uthenga Woyamba Wopanda Ulemu

Pa Tinder, anthu awiri amalemberana pokhapokha onse akasankhana, choncho ena amaganiza kuti aloledwa kunena chilichonse. Uthenga woyamba ukakhala wotukwana kapena wopempha zithunzi zamaliseche, yankho labwino limakhala lalifupi, lotchula vuto ndi malire ake: “Moni. Mawu amenewa sindinawakonde, ndipo zithunzi zotere sinditumiza. Ngati mukufuna tidziwane, tiyankhulane mwaulemu.”

Kuyamba ndi “pepani” kapena kuikapo kachithunzi koseka kumafooketsa yankho, chifukwa winayo amayesa ndi manyazi chabe. Kubwezera chipongwe nakonso kumangotalikitsa nkhani.

Wopepesa nʼkusintha kalankhulidwe angapatsidwe mpata wina. Koma wonena kuti “ndimangocheza” kenako nʼkubwereza zomwezo sayeneranso kuyankhidwa. Wolandira uthengayo ayambe wajambula mauthengawo ndi kudina Report, kenako Unmatch, popeza Unmatch imachotsa macheza onse pafoni.