Mukavulala Popita ku Ntchito, Alipira Ndani?

Tinene kuti bambo wina wa ku Katete akupalasa njinga m'mawa kupita ku ntchito, ndipo galimoto yamugunda pa msewu waukulu wopita ku Sinda. Mwendo wathyoka. Ambiri amayesa kuti ameneyu ndi wodwala chabe, poti sanafike pa geti la kampani. Si choncho ayi.

Mukadwala malungo, amakulipirani ndi bwana wanu. Lamulo la ntchito la 2019 limati wa kontrakiti yaitali alandire malipiro onse miyezi 3, kenaka theka miyezi ina 3. NHIMA imalipira chipatala, koma siikupatsani ndalama m'manja.

Ngozi ya pantchito ili ndi thumba lake, la Workers' Compensation Fund Control Board, limene amasonkhera ndi mabwana okha. Lamulo la 1999 limawerengera ngozi ya panjira ngati ya pantchito, malinga munthu anadzera njira yolunjika ndipo sanachedwe panjira. Bambo uja akadapatukira ku mowa kapena kukachezera mnzake, nkhani ikadavuta.

Choncho uzani bwana wanu tsiku lomwelo kuti akanene ku bungweli. Sungani lipoti la apolisi ndi kalata ya dokotala, chifukwa mapepalawa ndiwo amasonyeza malo ndi nthawi ya ngoziyo.