Intaneti Ikakana pa Laputopu: Batani la Network reset

Laputopu yakana kulumikiza ku Wi-Fi, pomwe foni yanu ikulumikiza bwinobwino pa rauta yomweyo. Mwaizimitsa n'kuiyatsanso, mwafufuta netiweki yovutayo n'kulembanso pasiwedi, koma sizikutheka. Apa m'pamene muyenera kuganizira za Network reset. Pa Windows 11 mumalipeza potsegula Settings, kenako Network & internet, Advanced network settings, Network reset, n'kudina Reset now.

Batanili limachotsa maadaputala onse a netiweki n'kuwaikanso ngati atsopano, ndipo pakatha mphindi 5 kompyuta imayambiranso yokha. Sungani kaye ntchito yanu.

N'chifukwa chiyani likhala lomaliza? Silisankha. Netiweki iliyonse ya Wi-Fi imene laputopu inasunga, ya kunyumba, ya kuofesi, ngakhale hotisipoti ya foni ya mlamu wanu, imafufutika pamodzi ndi pasiwedi yake. Adiresi ya IP yolembedwa pamanja imachokanso, ndipo pulogalamu ya VPN mwina mudzaiikanso. Mafayilo, zithunzi ndi mapasiwedi a m'bulawuza sakhudzidwa.

Ambirife pasiwedi ya kuofesi tinailemba kamodzi n'kuiwala. Musanadine, tsegulani Command Prompt ngati administrator, mulembe izi, ndipo pa DZINA muike dzina la netiwekiyo:

```
netsh wlan show profile name="DZINA" key=clear
```

Pasiwedi ili pamzere wa Key Content. Ikopereni papepala.

Ngati kompyuta yayambiranso koma adaputala ya Wi-Fi sikuoneka mu Device Manager, kayikirani dalaivala kapena kadi ya Wi-Fi yeniyeniyo. Kudinanso batanili sikungathandize.